Pulogalamu inadzilipiritsa yokha chaka china: mmene ndalama zanga zinabwerera

Uthenga wa ku banki unandipeza ndisanamwe n'komwe tiyi: madola 96 achoka pa khadi langa. Inali pulogalamu yokonzera zithunzi imene ndinalembetsa chaka chatha pa ntchito ya ukwati wina, kenaka n'kuiwala. Chaka chitakwana, eni ake anangodula ndalama za chaka chinanso.

Pulogalamuyo sindinaitsegule ngakhale pang'ono, chifukwa akaona kuti mwaigwiritsa ntchito chidulireni ndalama, amapezerapo chifukwa chokanira. Ndinalowa mu akaunti yanga pa webusayiti yawo n'kuzimitsa "Auto-renew". Apa m'pamene ambiri timapusa. Kuzimitsako kumangoletsa malipiro a chaka chamawa, ndalama zimene zapita kale sizibwera zokha. Muyenera kuchita kuzipempha.

Ndinafufuza malamulo awo pa tsamba lolembedwa "Refund policy". Ankapereka masiku 14 kuchokera tsiku limene adula ndalama, ndipo ine ndinali pa tsiku loyamba.

Imelo ndinaitumiza kuchokera pa adiresi imene ndinalembetsera akauntiyo, kuti asavutike kundizindikira. Pamutu ndinalemba "Refund request" ndi nambala ya invoisi. M'kati munali mizere isanu yokha, m'Chingelezi: tsiku limene anadula, kuchuluka kwa ndalama, manambala anayi omaliza a khadi (osati onse, chonde), mawu oti sindinafune kulembetsanso ndipo sindinaigwiritse ntchito, ndi pempho loti abweze ndalama zonse pa khadi lomwelo malinga ndi lamulo lawo la masiku 14. Ndinaphatikiza risiti. Nkhani ya lendi imene inkandidikira ndinailemba, kenaka n'kuifufuta. Wowerengayo akufuna nambala ya invoisi, osati madandaulo anga.

Yankho linabwera mawa lake, lokoma ngati uchi: andichotsera theka la mtengo ndikakhalabe nawo. Ndikanavomera, nkhani yobweza ikanathera pompo. Ndinayankha pa imelo yomweyo, osayamba ina, kuti zikomo koma ndikufuna ndalama zanga zonse. Madzulo anavomera, n'kunena kuti zitenga masiku antchito 5 mpaka 10.

Mnzanga ankandikakamiza kuti ndingopita ku banki kukatsutsa malipirowo. Ndinakana. Njira imeneyo ndi yomaliza, imachedwa, ndipo makampani ena amakutsekerani akaunti pamodzi ndi mafayilo anu.

Tsiku la 10 litadutsa kuli zii, ndinapempha eni pulogalamu aja ARN, nambala yaitali imene banki imatsatira nayo ndalama zobwezedwa pa khadi. Ndinaipereka ku banki, ndipo patapita masiku awiri ndalama zinaoneka. Madola anabweza onse 96, koma m'makwacha zinaperewera pang'ono, chifukwa banki imasintha ndalama pa mtengo wina pobweza, ndipo kachiwongoladzanja kamene inadula posintha koyamba sikanabwere.