Tsiku limene 2 + 2 inatulutsa 5

Aphunzitsi anatipatsa ntchito yopanga ALU, kachigawo ka kompyuta kamene kamachita masamu, ya mabiti 4 pa bolodi. Mawaya awiri osankhira, S1 ndi S0, ndiwo ankalamula zochita: 00 kuphatikiza, 01 kuchotsera, 10 AND, 11 OR. Za AND ndi OR sizinanditayitse nthawi, ndinangolumikiza mageti ake ku matchipu awiri a 74LS153 amene amasankha yankho loti lituluke.

Chimene ndinkanyadira chinali kuchotsera. Tchipu cha 74LS283 chimangodziwa kuphatikiza basi, ndiye umachipusitsa: umatembenuza mabiti onse a B, nambala yoti ichotsedweyo, kenako n'kuwonjezera 1. Ndinadutsitsa B m'mageti anayi a XOR, mwendo wina wa geti iliyonse uli pa S0, kuti S0 ikakhala 1 mabitiwo atembenuke. Ndinayesa 7 − 3, tinyali tinaonetsa 0100. Folo! Ndinayesanso 5 − 5, zonse zii. Kuphatikiza sindinayese n'komwe. Ndani amayesa zophweka?

M'mawa mwake aphunzitsi anafika pa tebulo langa anzanga atandizungulira.

"Tayambani ndi 2 + 2."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinaika 0010 uku, 0010 uko. Tinyali: 0101.

"Faifi," anatero aphunzitsi modekha. "Achimwene, masamu amenewa munaphunzira kuti?"

Thukuta kamukamu. Nditasuzumira ndinaona kuti pini 7 ya 74LS283, ya C0, pomwe pamalowera 1 wowonjezera uja, sindinailumikize kulikonse. Pa matchipu a mtundu wa TTL ngati amenewa pini yolowetsa ikangosiyidwa lende imakhala ngati yalandira 1. Ndiye kuti usiku wonse kuchotsera kwanga kunkakhoza mwangozi, ndipo 1 yemweyo ankalowereranso pa kuphatikiza osaitanidwa.

Mwaphuma ndinatenga waya n'kumangirira piniyo ku GND, kuti izilandira 0. 2 + 2 inatulutsa 0100. Ndinapumira m'mwamba, n'kuyamba kuwongola kolala.

"Chabwino. Nanga 7 − 3 uja?"

0011. Fili.

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Aphunzitsi anatenga cholembera n'kundiwerengera papepala: 3 ndi 0011, ukatembenuza ndi 1100. Kuphatikiza ndi 0111 kumapereka 10011, biti yachisanu imagwera kunja, kutsala 0011. Popanda 1 uja yankho lililonse la kuchotsera limaperewera ndi imodzi, moti 5 − 5 imayatsa tinyali tonse, 1111.

"Ndiye mukufuna C0 ikhale 0 pophatikiza, 1 pochotsera. Pa bolodi panupa ndi waya uti amene akuchita kale zimenezo?"

Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana nsapato zanga. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti S0. Waya yemweyo amene ndinamulumikiza ndekha ku ma XOR anayi! Ndinasamutsa kawaya kamodzi, masamu onse anakhoza.

Mamakisi ndinapeza ndithu. Koma mpaka lero tikakumana, anzanga aja sandipatsa moni, amangokweza zala zisanu n'kufunsa kuti, "A Faifi, zikuyenda?"