Chala cha amalume ndi mutu wa ma pyurini

Mutu wa ma nyukiliyotaidi, timagawo tomwe timamanga DNA, ndinkangouloweza ngati ndime ya ku Sande sukulu, mpaka holide ino nditapita kwathu ku Bangula ndikupeza amalume atakhala pamkeka phazi atalisanjika pa mpando. Chala chachikulu chatupa, chafiira, chikutentha, akuti chinayamba pakati pausiku ndipo ngakhale neti ikangochikhudza amakuwa. Anthu ena ati aponda mankhwala kudimba. Ku chipatala anati ndi gauti, matenda obwera yuriki asidi wochokera ku ma pyurini akachuluka m'thupi, ndiye ndinatsegulanso manotsi anga ndi mtima wina.

Thupi limapeza ma pyurini, adenini ndi gwanini aja a mu DNA, m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kumanga kuchokera pansi, kuyambira pa kashuga kotchedwa PRPP, masitepe 10 mpaka kufika pa IMP, nyukiliyotaidi yoyamba ya pyurini, ndipo imadya mphamvu zambiri. Yachiwiri ndi yotolera, enzaimu ya HGPRT imatenga haipozanthini ndi gwanini zotsala nkuzilumikizanso ku PRPP, ngati mmene timatolera njerwa za nyumba yogwa ndi madzi osefukira m'malo moumba zatsopano. Zomwe sizinatoleredwe zimapita kwa enzaimu ina, zanthini okisidezi, iyo imasandutsa haipozanthini kukhala zanthini kenako yuriki asidi, ndipo anthufe timathera pompo chifukwa tilibe yurikezi yoti iphwanyenso.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake ma pirimidini, anzawo a ma pyurini mu DNA, sabweretsa gauti. Iwo mkombero wawo umatseguka, zotsala zake zimasungunuka bwinobwino nkutuluka. Koma yuriki asidi ndi wouma mutu, akapitirira pafupifupi 6.8 mg/dL amayamba kuundana ngati tisingano, makamaka molumikizana mafupa mozizirirapo ngati kuchala kwaphazi, ndiye maselo oyera amagazi akathamangira kukameza tisinganoto mpomwe moto uja umayaka.

Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi kupanga yuriki asidi wambiri basi, poti mayeso amakonda kufunsa za matenda a Lesch-Nyhan pomwe HGPRT palibiretu. Koma odwala ambiri vuto ndi impso zosatulutsa mokwanira. Ndinawafunsa kuti, "Amalume, mukumwa mankhwala anji?" Ananditulutsira kapepala, haidirokolorothayazaidi wa BP, yemwe amachititsa impso kusunga yuriki asidi. Onjezanipo dzuwa lakuno la Okutobala, tsiku lonse thukuta kudimba madzi osamwa okwanira, madzulo chiwindi chambuzi chootcha ndi mowa, zonse zikukankhira mbali imodzi.

Chinandidabwitsa china, magazi akayezedwa nthawi yomwe chala chatupa yuriki asidi akhoza kuoneka wabwinobwino, nde akuchipatala anawauza amalume kuti adzayezetsenso pakatha masabata angapo. Alopyurinolo, mankhwala otsitsa yuriki asidi, naye si wa ululu ayi, ntchito yake ndi kutseka zanthini okisidezi kuti zinthu ziime pa haipozanthini ndi zanthini zomwe zimatuluka mosavuta, ndipo poyamba kumene akhoza kudzutsa kutupa, nchifukwa amayambitsa pang'onopang'ono. Ndawauza kuti asasiye okha a BP aja, Lachiwiri tipitira limodzi tikafunse adokotala ngati angawasinthire.