Kalendala ya mapositi anayi pa sabata, ndi Lamlungu limene ndinataya

Kalendala ya mapositi a bizinesi yanga yosoka zikwama tsopano ikuyenda bwino, koma Lamlungu limene pulogalamu ina yolipira inandidyera likundiwawabe mpaka lero. Ndifika pamenepo.

Kalendala yakeyo ndi tebulo wamba la mu Google Sheets, mzere uliwonse positi imodzi. Muli danga la tsiku ndi ola, la komwe positiyo ipite, la mawu olemba pansi pa chithunzi, la dzina la chithunzicho, ndi lomaliza losonyeza pomwe yafika: ganizo chabe, yajambulidwa, yayikidwa pamzere, kapena yatuluka. Ndimaposita kanayi pa sabata ndipo tsiku lililonse lili ndi ntchito yake. Lolemba ndi la chikwama chatsopano, Lachitatu kavidiyo ndikudula nsalu kapena kusokerera zipi, Lachisanu ndimayankha funso limene makasitomala amafunsa kawirikawiri, monga ngati laputopu ingakwanemo. Loweruka ndi la chithunzi cha kasitomala atanyamula chikwama chake, iye atavomera kaye. Ukatero sudzukanso n'kumadzifunsa kuti lero ndilembe chiyani. Funso limangokhala lakuti chikwama chiti.

Tsopano za pulogalamu ija. Ndi imodzi mwa zija umalipira pamwezi kuti zizikutulutsira mapositi pa nthawi imene waika. Ndinakhala pansi Lamlungu m'mawa kulowetsamo mapositi 16 a mwezi wathunthu, iliyonse kawiri, pa Facebook ndi pa Instagram, ndipo ndinamaliza kutada, khosi likuwawa. Positi ya Lolemba inayenera kutuluka 6 koloko madzulo, anthu ataweruka. Inatuluka pakati pa usiku. Kufufuza, pulogalamuyo inkayendera nthawi ya dziko lina, ndipo posinthira pake anakabisa mkati mwenimweni, osafunsa n'komwe polembetsa. Nditakonza, mapositi oyika kale sanasunthe ayi. Ndinachita kutsegula imodziimodzi. Ndalama yanga, ntchito ndigwirenso ndine!

Choncho yesani ndi positi imodzi kaye. Iyikeni kuti ituluke pakangopita mphindi zochepa, kenako mutsegule tsambalo pafoni ngati kasitomala n'kuiona ndi maso anu. Mukaiona, ndiye lowetsani zinazo.

Ndikanaiwala za zithunzi, zomwe zimayenera kuyamba zonsezi zisanachitike. Jambulani za sabata yonse nthawi imodzi, masana pafupi ndi windo, ndipo chinthu chilichonse kawiri. Chithunzi cha positi wamba chimakhala bwino pa 1080 kwa 1350, pomwe cha Stories ndi WhatsApp Status ndi chachitali, 1080 kwa 1920. Mukajambula chimodzi chokha, lamba wa chikwama amaduka pochepetsa. Za Stories ndi Status zimafufutika pakatha maola 24, ndiye uthenga wofunika kukhalitsa, monga njira yoperekera oda, musauyike kumeneko kokha. Komanso linki yolembedwa pansi pa chithunzi pa Instagram sidinika, choncho mawu a ku Facebook osangowakopera momwe alili.

Sabata yachitatu pulogalamu ija inandionetsanso zina. Ndinasintha pasiwedi, kulumikizana kwake ndi akaunti yanga kunaduka, koma mkati mwake zonse zinkaoneka zili bwino. Lachitatu ndi Lachisanu kunali zii. Ndinadziwira kwa kasitomala wina amene anandifunsa ngati ndatseka bizinesi. Nditalumikizanso, positi ya Lolemba lotsatira inatuluka ndithu, ikutsatsa chikwama chofiira chomwe chinali chitagulidwa kale, nsalu yakenso itatha. Tsiku lonse kupepesa anthu. Zinthu zoyika milungu ingapo pasadakhale zimatero, chifukwa pulogalamu sidziwa zimene zatsala pashelefu.

Ndinasiya kulipira. Pano ndimagwiritsa ntchito Planner ya mu Meta Business Suite, pulogalamu ya eni ake a Facebook ndi Instagram, yomwe ndi yaulere, bola akaunti ya Instagram ikhale ya bizinesi ndipo ilumikizidwe ku tsamba la Facebook. Patebulo ndimalemba mitu ya mwezi wonse, koma zoyika pamzere ndi za sabata imodzi basi. Ndinawonjezeranso danga la kuchuluka kwa katundu wotsala. Chikwama chikatsala chimodzi, positi yake ndimaitulutsa pamanja, nditachigwira kaye. Ndimasunganso mapositi awiri osatha ntchito, monga a kachapidwe ka chikwama, olowetsa pamalo pa yomwe yagwa.

Kumapeto kwa mwezi ndimatsegula Insights, pomwe pamaoneka ziwerengero za momwe mapositi ayendera, koma chimene ndimawerenga kwenikweni ndi mauthenga ofunsa za oda amene positi iliyonse yabweretsa. Kwa ine a Lachisanu ndiwo amabweretsa ambiri, ngakhale odina Like amachepa.

Ndipo ndibwereze: mawu akuti yatuluka musawalembe patebulo chifukwa pulogalamu yanena. Tsegulani tsambalo pafoni, muione, kenako mulembe.