Lachitatu ku Area 25: chiganizo chimodzi cha amayi okonza mabuku a ndalama

Lero gulu lathu la amalonda ang'onoang'ono linakumana mu holo ya tchalitchi ku Area 25, ndipo ntchito inali yoti aliyense alembe chiganizo chimodzi chonena amene amawathandiza ndi momwe amawathandizira. Ndi mawu aja oika pansi pa dzina pa khadi la bizinesi kapena pa WhatsApp, omwenso umayankha nawo munthu akafunsa kuti, "Kodi mumapanga chiyani?" M'mawa wonse unathera pa chiganizo cha amayi ena owerengera ndalama, chifukwa mavuto ake anali ofanana ndi a anthu ambiri m'holomo.

Amayiwo anayamba ndi ichi: "Katswiri wa zachuma, wodalirika ndi wakhama, wopereka ntchito zapamwamba kwa mabizinesi onse." Atachiwerenga mokweza, tinafunsa gulu lonse kuti, "Mwamva. Ndani amene mukumudziwa yemwe mungamutumize kwa amayiwa?" Palibe anatchula munthu. Muyeso wa chiganizo chotere ndi womwewu. Chikakhala kuti chagwira, womva amakumbukira nkhope ya munthu wina, mlamu wake kapena mnansi wake, n'kunena kuti, "Uja akufunika ameneyu." Mawu akuti wodalirika ndi wakhama sabweretsa nkhope iliyonse, popeza kalipentala, telala ndi dalaivala onse angadzitchule choncho. Nawo mawu akuti mabizinesi onse amasokoneza womva, poti sadziwa ngati mukunena wogulitsa tomato ku Lizulu kapena fakitale ya ku Kanengo.

Tinayambira pa gawo la "ndani". Apa munthu sayenera kulota makasitomala amene akuwafuna, ayang'ane amene amulipira kale. Amayiwo anatsegula kabuku ka malisiti n'kuwerenga makasitomala khumi omaliza. Asanu ndi awiri anali eni mashopu a hadiweya, ambiri a ku Malangalanga, awiri anali a sukulu za mkaka, mmodzi wa saluni. Yankho linali m'kabukumo kale: eni mashopu a hadiweya ku Malangalanga.

Amayiwo sanagwirizane nazo msanga. Anati, "Nanga a sukulu aja ndiwathamangitse?" Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo pafupifupi aliyense amakhala nayo. Koma chiganizochi si pangano loletsa ntchito zina. Mwini sukulu akabwera mumulandira monga kale. Chomwe chimasintha n'chakuti mwini hadiweya akamva chiganizocho amadziwa kuti munthuyu akudziwa za simenti yotengedwa pa ngongole, malata osowa mu sitoko ndi malisiti otayika. Iyeyo amakauza mnzake wa shopu yoyandikana, ndipo ku Malangalanga mashopu ndi ogundana khomo ndi khomo.

Gawo lachiwiri ndi la chomwe kasitomala amapeza, ndipo apa ndi pomwe tinakhalitsa. Amayiwo ankatchula ntchito zomwe amagwira: kulemba zolowa ndi zotuluka, kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki, kudzaza mafomu. Zonsezo n'zoona, koma ndi zochitika pa desiki pawo. Mwini shopu sagona tulo ndi zina. Tinawafunsa kuti, "Amayi, kasitomala akamakuimbirani foni koyamba amati chiyani?" Anati ambiri amaimba atalandira kalata ya MRA kapena atachedwa kupereka msonkho. Msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito umayenera kufika pofika pa 14 mwezi wotsatira, wa VAT pofika pa 25, ndipo wochedwa amalipira chindapusa. Choncho chomwe eni mashopu amagula kwa amayiwa ndi kupewa chindapusa.

Abambo ena anapereka ganizo loti tilembe "kuchepetsa msonkho", poti zimakoka anthu. Ine ndinakana, ndipo ndikanakanabe. Mawu amenewo ena angawamve ngati kuzemba msonkho, komanso ndi lonjezo lomwe amayiwo sangalikwaniritse kwa aliyense, chifukwa shopu ina mabuku ake akakonzedwa bwino imapezeka kuti iyenera kulipira zambiri kuposa kale. M'chiganizo chotere mulonjeze chokhacho chomwe chili m'manja mwanu. Kupereka mafomu pa nthawi yake kuli m'manja mwa amayiwa, kuchuluka kwa msonkho ayi.

Gawo la "bwanji" linatha msanga. Amayiwo amapita ku shopu kamodzi pa mwezi kukatenga malisiti n'kukonza mabuku. Njira imodzi yokha ndi yokwanira, ndipo ikhale yooneka ndi maso. Ukayamba kulumikiza ndi "komanso" kawiri katatu, chiganizo chasanduka mndandanda wa ntchito ndipo womva amagwira mawu omaliza okha.

Titaphatikiza zonse chinatuluka ichi: "Ndimathandiza eni mashopu a hadiweya ku Malangalanga kupewa chindapusa cha msonkho powakonzera mabuku a ndalama mwezi uliwonse." Ndi mawu 17, zilembo 127 kuwerengera ndi mipata yomwe. Kuwerenga zilembo n'kofunika chifukwa malo ake ndi opimidwa. Pa mutu wa LinkedIn pamalowa zilembo 220, kotero chikukwana. Pa kamalo kodzifotokozera ka Facebook pamalowa 101 zokha, ndiye tinachifupikitsa: "Ndimakonza mabuku a ndalama a mashopu a hadiweya ku Malangalanga kuti apewe chindapusa cha msonkho." Ichi chili ndi zilembo 99. Onani kuti chomwe tinadula ndi "mwezi uliwonse". Pofupikitsa, gawo la njira lingathe kuchepa, koma la anthu amene mukuwathandiza lisakhudzidwe.

Digiri ya amayiwo ndi zaka zomwe agwira ntchito sitinaziike. Zili ndi malo ake pa mzere wachiwiri wa khadi, kapena pomwe kasitomala wafunsa kuti, "Munaphunzira kuti?" Pa nthawiyo amakhala wayamba kale kumvetsera.

Masana tinayesa ziganizo zonse ndi pakamwa. Aliyense anauza mnzake chiganizo chake kamodzi, osabwereza, kenako onse n'kukamba zina kwa mphindi zisanu, ndipo pambuyo pake womva uja anene zomwe wagwira. Amene anamva cha amayiwo anati, "Ndi aja a mabuku a mahadiweya, kuti MRA isakulipiritse." Mawu anasintha koma mfundo zitatu zonse zinafika, ndiye chapambana. Cha achimwene ena owotcherera a ku Mchesi sichinafike. Analemba kuti amapanga zitsulo zamtundu uliwonse, ndipo mnzawo anangokumbukira kuti "ndi a zitsulo". Atafunsidwa za ntchito khumi zomaliza, zinapezeka kuti zambiri ndi mageti ndi mabagila a nyumba zongomangidwa kumene ku Area 49, omwe amakapima okha pamalopo asanadule chitsulo. Anachilembanso chonchi: "Ndimapangira omanga nyumba ku Area 49 mageti ndi mabagila okwana bwino, chifukwa ndimadzapima ndekha."

Amayi aja atsala ndi ntchito imodzi asanasindikize makadi. Atumize chiganizocho kwa makasitomala atatu akale n'kuwafunsa ngati ndi chomwe iwo amawalipirira. Awiri akati chachikulu kwa iwo n'kudziwa phindu lenileni la shopu osati za chindapusa, gawo lapakatilo lisinthidwe makadi asanapite kwa osindikiza.