Ngongole ya chambo cha amalume ndi chinsalu cha kampani

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga malamulo a makampani pokonzekera mayeso, ndipo mutu womwe wandigwira mtima ndi uja woti kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo. Wandigwira chifukwa nkhani yake ili pakhomo pathu pompano ku Mangochi. Amalume anga ankapereka chambo ku loji ina ya m'mbali mwa nyanja, ngongole inakwana K1,800,000 kenako loji ija inatsekedwa. Mwini wake timamuonabe pa boma akuyendetsa galimoto yabwinobwino ndiye amalume amangondifunsa kuti iwe ukuphunzira zamalamulo, bwanji osangomulanda galimotoyo?

Ndinatenga mapepala awo onse kuwayang'ana, dzina lomwe lili pa maoda ndi malisiti ndi la kampani, si la bambo aja ayi. Apa ndiye pomwe pavuta. Kampani ikalembetsedwa imakhala ndi katundu wakewake, ngongole zakezake, imatha kusumira komanso kusumiridwa, ndipo wamasheya amangotaya zomwe anaikamo kapena kulipira zomwe zinatsala pa masheya ake basi.

Gwero lake ndi mlandu wa Salomon wa ku England wa 1897. Aron Salomon ankapanga nsapato zachikopa, mu 1892 anagulitsa bizinesi yake ku kampani yomwe anayambitsa yekha, iye anali ndi masheya 20,001 pomwe mkazi wake ndi ana asanu anali ndi sheya imodziimodzi. Mbali ina ya mtengo kampani inamulipira ndi chikalata cha ngongole ya mapaundi 10,000 chokhala ndi chikole pa katundu wa kampaniyo. Itagwa, anthu ena omwe inali nawo ngongole anati kampani imeneyi ndi Salomon yemweyo wangovala chovala china, alipire. Makhothi awiri oyamba anagwirizana nawo koma khothi lomaliza linakana, linati kampani inalembetsedwa motsata lamulo choncho ngongole ndi zake. Kunena zoona tsiku loyamba ndinaona ngati nkupanda chilungamo. Koma ndani angayerekeze kugula maboti ndi mainjini pa ngongole atadziwa kuti mwera ukawononga zonse nyumba yogona ana ipitanso? Kuno kwathu lamulo la makampani la 2013 limalola ngakhale munthu mmodzi yekha kukhala ndi kampani.

Nanga khothi limachotsa liti chinsalu cha kampani, kutanthauza kulekanitsa kuja kwa kampani ndi mwini wake, nkugwira munthu ali kuseri? Pomwe ndinkasokoneza ndi pomwepa, ndinkaganiza kuti jaji akangoona kuti wina walira ndiye amachotsa. Ayi ndithu. Mu mlandu wa Jones ndi Lipman wa 1962, Lipman anasainira kugulitsa nyumba kenako anasintha maganizo, nkuisamutsira ku kampani yomwe ankailamulira yekha kuti azinena kuti nyumbayo si yakenso. Khothi linalamula iye ndi kampaniyo kuti apereke nyumba kwa wogula. Wa Gilford ndi Horne wa 1933 nawonso chimodzimodzi, Horne analonjeza kuti akachoka ntchito sadzanyengerera makasitomala a abwana ake, ndiye anatsegula kampani kuti izichita zomwezo, khothi linaletsa onse awiri.

Taonani ndondomeko ya nthawi, ndi yomwe yanditsegula mutu. Pa milandu iwiriyi udindo unali kale pa munthu, kampani inabwera pambuyo ngati pobisalira. Mu 2013 pa mlandu wa Prest ndi Petrodel, jaji Lord Sumption anafotokoza zomwezi, kuti chinsalu chimachotsedwa munthu akaika dala kampani yomwe amailamulira pakati pofuna kuzemba udindo womwe ali nawo kale, ndipo ngati pali njira ina yothandizira wodandaula khothi lisachichotse. Ndi milandu ya kunja inde koma ndi yomwe timaphunzira poti malamulo athu a makampani mizu yake ili komweko.

Ndikaika nkhani ya amalume pa muyeso umenewu sikukwana. Kampani inalipo kale asanayambe kupereka nsomba, ngongole inabadwira m'dzina la kampani, bambo aja sanalonjezepo kanthu m'dzina lawo. Zikanasiyana akanakhala kuti anatenga chambo ngati iwowo kenako nkusamutsira katundu wawo ku kampani kuti asalandidwe, kapena akanasainira pepala loti kampani ikalephera ndilipira ine, zomwe mabanki amaumirira asanabwereketse kakampani kakang'ono. Chatsala nkufufuza kuti galimoto ija inalembetsedwa m'dzina la ndani, ngati ili ya kampani kapena inachotsedwa mu kampani ngongole zili kale pakhosi ndiye pali poyambira popanda nkukhudza chinsalu komwe.

Ndinawafotokozera amalume zonsezi madzulo ali pa khonde akusoka ukonde, anakhala chete nthawi yaitali kenako anati mphwanga, Lolemba tipitire limodzi kwa loya ukanene zagalimotozo bwinobwino.