"Fotokozani" wake uti?

Tulo takana, bola ndilembe. Madzulo ano mwana wa achemwali anga, wa Fomu 4 uja, anabwera atakwinya nkhope, pepala la histole lili m'manja. Masamba awiri odzaza, koma malikisi ochititsa manyazi. "Amalume, ndinalemba zonsetu. Aphunzitsi aja amangodana nane."

Funso linkafuna zifukwa zimene John Chilembwe anaukira atsamunda mu 1915, ndipo linayamba ndi mawu akuti "Explain". Mtsikanayu anasimba nkhani yonse ngati nthano ya pamoto: usiku wa pa 23 Januwale, anthu kunyamuka ku Mbombwe, kuphedwa kwa William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya ku Magomero, mpaka imfa ya Chilembwe pa 3 Febuluwale. Bodza munalibemo. Koma wofunsayo sanafunse zimenezo.

Nditamufunsa tanthauzo la "Explain" anati fotokozani. Nanga "Describe"? Anakanda m'mutu. "Fotokozaninso." Apo mpamene pagona vuto. Mawu awiriwa akafika m'mutu mwathu amagwera mu mphika umodzi, ndiye mwana amasankha chophweka, kusimba. Ndinamuuza kuti aziwamasulira motalikitsa: "Describe" ndiye kuti nena mmene zinalili kapena mmene zinayendera, pomwe "Explain" ndiye kuti nena chimene chinachititsa, uonetsenso kuti chinachititsa bwanji.

Tinayesa ndi mfundo imodzi, pakamwa, m'Chichewa. Iye anati thangata. Ine: ndiye? "Anthu okhala m'maesiteti ankagwira ntchito kwa mwini malo m'malo molipira lendi." Ndiye? "Ku Magomero ankazunzidwa, matchalitchi awo ankawotchedwa." Ndiye zikukhudzana bwanji ndi Chilembwe? Anakhala chete, kenako anati ambiri mwa iwo anali akhristu ake, madandaulo ankatula kwa iye, ndipo nchifukwa chake mikondo inalunjika ku Magomero. Chiganizo chomalizacho, chimene chimamanga mfundo ku funso, m'masamba awiri aja munalibe ngakhale chimodzi.

Ndinamuuza kuti ndime iliyonse izikhala choncho, chifukwa chimodzi, umboni wake, kenako mfundo yomangira. Ya nkhondo anaipanga yekha: asilikali achikuda kufera ku Karonga mu 1914 pa nkhondo ya eni ake, Chilembwe n'kulemba kalata yodandaula ku nyuzipepala.

Chandisowetsa tulo n'chimene chinatsatira. Nditati tsopano lemba m'Chingerezi, ndime yokoma ija inafota n'kutsala mizere iwiri, ndipo chimene chinatayika ndi chomangira chija. Ana athu amaloweza mayina ndi zaka, koma timawu ta "chifukwa chake" ndi "zotsatira zake" ta Chingerezi sitikhala pafupi. Ndinayamba kupsa mtima, kenako ndinakumbukira kuti inenso mayeso anga ndinalemba nthano zomwezi.

Potuluka anatembenuka pakhomo. "Nanga amalume, akati 'Discuss'?" Ndinati mawa. Ndikamuuza kuti ndi kukambirana, andifunsa kuti akambirana ndi ndani m'chipinda cha mayeso.