Ndinapita kukhoti ndi umboni wa chigololo, anandifunsa za khadi la kusikelo

Pepala lomaliza ndalitenga sabata yatha, ndipo ndikulemba izi mtima usanazizire bwino. Banja lathu linali la chinkhoswe, tinamanga mu 2016, ana awiri: mtsikana wa zaka 9 amene ali Sitandade 4, ndi mnyamata wa zaka 3. Popeza linali lachikhalidwe, nkhani yathu inakambidwa kukhoti la majisitireti. Zotenga samani ndi kukapereka sindichedwapo, kalaliki amakuuzani zonse pawindo. Chimene palibe anandiuza, ndipo chinanditayitsa miyezi, ndi chakuti kukhoti kutha kwa banja ndi nkhani ina, kokhala ana ndi nkhani inanso. Ine ndinkaziyesa chingwe chimodzi. Ndinkati wolakwa ndiye amaluza ana, basi.

Choncho ndinathera mphamvu zonse posonkhanitsa umboni woti mayi a anawa anali ndi chibwenzi. Mauthenga a pafoni ndinakasindikiza mapepala 14, ndinapeza ndi mboni, mayi wina woyandikana naye nyumba. Ndinalowa m'khoti ndili ndi envulopu yonenepa ngati munthu wokatenga malipiro.

Lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la maukwati ndi kutha kwa mabanja la 2015. Funso lake ndi limodzi lokha: kodi banjali lasweka mpaka poti silingakonzekenso? Zina zonse zimene timazitchula kuti zifukwa ndi umboni chabe wa funso limenelo. Chigololo chilimo, koma uyenera kusonyezanso kuti chifukwa cha chimenecho sungathenso kukhala naye. Nkhanza zilimo. Kuthawa banja kulimo, koma kukhale kopanda chifukwa, ndipo papite chaka chathunthu chosadukiza usanakasume. Apa ndi pamene ndinapunthwa koyamba. Ndinanena kuti anandithawa, a majisitireti n'kufunsa kuti anachoka liti. Titawerenga inali miyezi 7. Anangoweramitsa mutu n'kulemba. Ndiye mayi a anawa ataimirira anati sanathawe, anachoka chifukwa ndinkawalalatira pamaso pa ana ndiponso ndinawalanda foni. Za foni n'zoona, ndipo mapepala anga 14 aja ndi amene anandiperekera umboni. Kudziwotcha ndi moto wosonkha wekha.

Musanapite kukhoti khalani pansi ndi ankhoswe, ndipo tsiku la mlandu mubwere nawo. Ndibwerezanso zimenezi chifukwa tsiku loyamba lenileni linapita pachabe pa nkhani yomweyi. Nkhoswe wa kuchimuna, amalume anga, anabwera. Wa kuchikazi sanaoneke, akuti kunali maliro. A majisitireti anati sangamve banja la chinkhoswe popanda amene analimanga, n'kusuntha tsiku ndi masabata atatu. Ndinali nditapempha tchuthi kuntchito, ndalipirira amalume minibasi kuchokera kumudzi, ndawagulira nkhomaliro. Zonse m'madzi. Pobwera ulendo wachiwiri, mawu amene anathetsa banja sanali anga kapena a mboni yanga. Ankhoswe onse awiri anavomerezana kuti anakhalira nkhani yathu katatu, kachitatu mpaka usiku, ndipo zinakanika. Zimenezo zinalemera kuposa envulopu yanga. Khoti linapeza kuti banja latha, ndipo mbali ya ana anati aimva payokha.

Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ndakonzekera mayeso olakwika.

Mafunso anasintha. Mwana wamng'onoyu amagona ndi ndani? Katemera womaliza anabayidwa liti? Khadi la kusikelo lili kuti? Mukapita kuntchito amatsala ndi ndani? Mphunzitsi wa mtsikanayu dzina lake ndani? La mphunzitsi ndinayankha, chifukwa chichokereni amayi ake mtsikanayu ankakhala ndi ine, pomwe mnyamata anapita naye kumudzi. Za khadi la kusikelo ndinangoti kukamwa yasa. Mayiwo analitulutsa m'chikwama, lokutidwa m'kapulasitiki. Nditayesa kubwezera nkhani ku chibwenzi chija, a majisitireti anandidula mwaulemu: "Bambo, zimenezo tamva kale ndipo banja tathetsa. Pano ndiuzeni ngati khalidwe limenelo linavulaza ana." Ndinalibe chonena. Sanawasiyepo okha usiku, sanawagonetsepo ndi njala. Kukhala mkazi amene anandilakwira sikunawasandutse mayi woipa pamaso pa lamulo, ngakhale mtima wanga unkafunitsitsa kuti zikhale choncho.

Nditafunsafunsa pambuyo pake ndinamvetsa kumene mafunsowo ankachokera. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 23, amati pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwanayo. Ndiye lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, pa ndime 8, limatchula zimene khoti liyang'ane posankha kokhala mwana. Lione kufunika koti mwana akhale ndi mayi ake malinga ndi msinkhu wake. Limve maganizo a mwanayo. Likumbukire kuti ndi bwino ana a mimba imodzi asalekanitsidwe. Ndipo lisasokoneze chisamaliro chimene mwana wazolowera kale. Kuziwerenga pa pepala zimaoneka zogwirizana, koma kwa ife zinkakokana. Kusasokoneza zimene mwana wazolowera kunali mbali yanga, poti mtsikana anali pasukulu yake, ndi anzake, ndipo magiredi ake sanatsike. Msinkhu wa mnyamata unali mbali ya amayi ake. Kusalekanitsa ana kunkatanthauza kuti mmodzi wa ife aluza onse awiri.

Ndisanaiwale, panali sewero lina. Atsibweni a mayiwa anaimirira n'kunena kuti kwawo ndi kwa chikamwini, ana ndi a mbumba yawo, tambala salera anapiye. Ndinapsa mtima, koma sindinafunike kuyankha. A majisitireti anawauza kuti mwambo aumva, koma ana sagawidwa ngati munda. Amalume anga ananong'ona kuti akanakhala a kumpoto olipira lobola akanauzidwa zomwezo. Ndiye amene mukudalira mwambo wa kwanu kuti ukupatseni ana, kaya ndi wa kuchikazi kaya wa kuchimuna, musagonerepo.

Tsopano chimene chinandipweteka mutu kuposa zonse: lipoti la a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, amene tonse timangoti a sosho. Khoti linalamula kuti akaone makomo onse awiri n'kulemba zimene apeza. Kwanga anabwera patatha masabata awiri, mayi wofatsa ndithu. Anaona pogona ana, anafunsa kumene timatunga madzi, anacheza ndi mtsikana wantchito amene amatsala ndi mwana, anafunsa kuti ndimaweruka nthawi yanji. Ndinanena zoona, kuti masiku ena ndimafika 8 koloko usiku. Kumudzi kwa mayiwa ndiye kunavuta. Ulendo woyamba akuti galimoto ilibe mafuta. Wachiwiri akuti amene akugwira nkhani yathu apita kumsonkhano. Wachitatu ndinakafika paofesi 8 koloko m'mawa, ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, n'kuuzidwa kuti kalata yochokera kukhoti sakuiona. Kalata imene ndinaipereka ndekha m'manja! Mwayi ndinali nditaijambulitsa. Pepala lililonse limene mwapatsidwa kapena mukupereka, jambulitsani kawiri, ndipo wolandirayo adinde chidindo pa lanulo. Kukhoti tinapitako kawiri konse kungokauzidwa kuti lipoti silinafike, bwerani tsiku lina. Miyezi itatu inapita choncho, ana ali kosiyana, mtsikana akundifunsa usiku uliwonse kuti mlongo wake abwera liti. Ndinafika poganiza zongopereka ndalama ya mafuta, koma mnzanga wina anandiletsa, anati mbali inayo ikadzamva idzati ndagula lipoti. Anali ndi nzeru. Ndinangolimbikira kupita Lolemba lililonse mpaka anatopa nane.

Tsiku lomva mwana, a majisitireti anatitulutsa tonse, makolo ndi ankhoswe omwe, n'kucheza ndi mtsikanayu m'chipinda chawo pamodzi ndi mayi wa sosho uja. Ndivomere kuti usiku wake ndinalakalaka kumuuza zokanena. Sindinatero, osati chifukwa cha ubwino wanga, koma ndinkaopa kuti akafunsidwa amene wamuphunzitsa adzanditchula, poti mwanayu sadziwa kubisa. Musayese. Mwana wophunzitsidwa amalankhula mawu a akuluakulu, ndipo anthu amenewa amva ana ambiri. Zimene ananena ndinazimva m'chigamulo: amakonda sukulu yake, amakonda adadi ake, koma amafuna kugona nyumba imodzi ndi mlongo wake ndi amayi ake. Mawu a mwana si amene amagamula, khoti limangowayeza pamodzi ndi zina, koma apa anagwera mbali imene inali kale yolemera.

Chigamulo chinali chotere. Ana onse awiri azikhala ndi amayi awo. Mtsikana asachotsedwe pakati pa chaka, amalize Sitandade 4 ali kwanga kenako asamuke. Tchuthi chilichonse cha sukulu, theka azikhala kwa ine, ndipo ndili ndi ufulu wokawaona kawiri pamwezi popanda wondiletsa. Za malipiro anga ochuluka kuposa a mayiwa, zimene ndinkayesa chida changa chachikulu, zinanditembenukira: sizinandipatse ana, zinangokweza ndalama ya chithandizo. Khoti limayang'ana zimene makolo onse awiri amapeza, ana ena amene mukusamala, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala. Anafuna kuona mapepala a malipiro a miyezi itatu. Ndinapempha chinthu chimodzi chimene anavomera, kuti za sukulu ndi yunifolomu ndizilipira ndekha mwachindunji, ndalama ya chakudya yokha ndiyo ndizitumiza pafoni. Tumizani pafoni, musapereke pamanja, uthenga uja ndi risiti yanu.

China chimene chinandidzidzimutsa: tsiku limene a majisitireti anati banja latha silinali tsiku lomaliza. Chigamulo choyambacho ndi chongoyembekezera, lamulo limati papite miyezi 6 chisanatsimikizidwe, ndipo pakati pamenepo sungakwatire. Amalume anga anali atayamba kale kunditchulira mayina a ana a anzawo.

Loya ndinalibe, ndipo kukhoti la majisitireti anthu ambiri amadziyankhulira okha m'Chichewa. Koma ndikanayamba ndakafunsa kubungwe la boma lothandiza anthu osowa ndalama ya loya, mwina wina akanandiuza msanga kuti ndisiye kusindikiza mauthenga, ndikafufuze khadi la kusikelo, malipoti a kusukulu, ndi munthu wodalirika wotsala ndi ana ndikachedwa kuntchito. Ndipo bwerani ndi ankhoswe, onse awiri. Muwaimbire dzulo lake, ngakhale wa mbali inayo, ngakhale simukulankhulana.

Anandiuzanso kuti chigamulo cha ana sichomata mpaka kalekale, zinthu zikasintha kwambiri ndingathe kubwerera kukapempha kuti achionenso. Pakadali pano teremu yatsala ndi masabata asanu. Dzulo tinapita kumsika kukagula chikwama choti adzalongezemo zovala, anasankha chofiira, ndipo anandiuza kuti ndigulenso kampira ka mlongo wake.